Makilo 14 a ufa ndi anthu 61

Ndine mayi wamasiye, ndipo ntchito yanga ndi yophika pa resitihausi ina yaing'ono kufupi ndi Thabwa, pamene msewu wa M1 umathera kutsetsereka mapiri ochokera ku Blantyre n'kulowa m'chigwa cha Shire. Malo athu ali ndi zipinda 8, chipinda chodyera cha matebulo 5, ndi khitchini ya malata kuseri. Tsiku la malonda abwino ndimaphikira anthu 10 kapena 12, makamaka madalaivala a malole ndi amalonda amene dzuwa lawalowera panjira. Ndikufuna kuchitira umboni zimene Mulungu anandichitira usiku wa Lolemba pa 24 Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anafika kuno.

Mvula inayamba m'mawa ndipo sinapume. Pofika madzulo magetsi anali atazima, ndipo tinadzamva pambuyo pake kuti madzi anali ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira, kumtunda kwa Shire yemweyu. Eni ake a resitihausi anali atapita ku Blantyre Loweruka, ndipo pamalopo tinatsala awiri, ine ndi alonda, bambo achikulire a ku Ngabu. Ana anga awiri anali kwa mayi anga, kumudzi kwathu njira ya ku East Bank, m'nyumba ya njerwa zosaotcha. Ndinayesa kuimba foni masana, inalowa koma sinayankhidwe. Madzulo netiweki inasowa.

Cha m'ma 8 koloko usiku tinaona nyali za basi yaikulu zikukhotera pabwalo pathu. Inali yopita ku Nsanje. Apolisi a parodibuloko anali atawauza kuti madzi akuyenda pamwamba pa msewu kutsogolo, chakufupi ndi mtsinje, ndipo palibe galimoto yodutsa. Kubwerera ku Blantyre nakonso adalaivala anakana, chifukwa potsika anali ataona kale miyala ndi mitengo itagwera m'makona a phiri, ndipo sanafune kukwera ndi anthu mumdima. Anatsika atanyowa, nabwera pakhomo la khitchini.

"Amayi, pepani, ndabwera ndi mtolo," anatero. "Anthuwa ena adya m'mawa basi. Muli ana m'basimu. Kaya muli n'chiyani, tithandizeni."

Ndinawauza kuti ayambe alowetsa anthu m'chipinda chodyera ndi pakhonde, ndipo kondakitala awawerenge mmodzimmodzi polowa, akulu paokha, ana paokha. Anadabwa kuti ndikufuna chiwerengero anthu akunjenjemera pamvula. Koma wophika amene sanawerenge pakamwa amaphika kawiri, ndipo kachiwiriko ufa umakhala utatha. Anapezeka akulu 47, kuphatikizapo adalaivala ndi kondakitala, ndi ana 14. Onse pamodzi anthu 61.

Kiyi wa sitolo ndimasunga ndine, koma lamulo la bwana linali lakuti chotuluka m'menemo chikhale cholipiridwa. Ndinaima pakhomo la sitolo ndi tochi m'manja, mtima ukugunda. Malipiro anga ndiwo amadyetsa ana ndi mayi anga, ndipo Januwale ndi mwezi wa njala, chimanga chili chiwisi m'munda, nkhokwe zili gwaa. Nditati nditsegule popanda chilolezo, ntchito ikhoza kutha. Nditati ndisatsegule, ana 14 agona ndi njala pakhonde panga. Ndinapemphera mawu ochepa, ndinaitana alonda kuti akhale mboni, ndinatenga kope ndi cholembera, ndipo ndinatsegula. Chilichonse chimene ndinatulutsa usiku umenewo ndinachilemba, alonda akuona.

Munali thumba la mgaiwa la makilo 25 limene linali litatsikira pang'ono pamwamba pa theka. Mbale yanga yotungira ufa imalowa theka la kilo ikadzaza osasefukira, ndiye ndinatunga mbale ndi mbale kuthira m'beseni, zinakwana 28. Amenewo ndi makilo 14. Munalinso nyemba makilo 3, usipa wouma wokwana kabeseni kamodzi, shuga makilo 2, masamba a tiyi, mchere, mafuta ophikira lita imodzi ndi theka, ndi nyama ya mbuzi makilo 2 m'firiji imene inali itazima kale.

Munthu wamkulu kuti akhute nsima bwinobwino, kilo imodzi ya ufa imakwana anthu anayi. Mukafinya, imakwana asanu, aliyense mitanda iwiri yapakati. Ndikanati ndiphike makilo onse 14 kuti anthu akhute, kukanacha ndilibe choika pamoto, pamene ndinkadziwa kuti madzi sangaphwe usiku umodzi. Choncho ndinagawa patatu. Kilo imodzi ya phala la usiku womwewo, la ana ndi ofooka. Makilo 10 a nsima, kuti akwane akulu 50. Makilo 3 ndinawabweza m'thumba, n'kumanga, n'kutsekeranso m'sitolo kuti akhale a phala la m'mawa. Phala ndilo limatalikitsa ufa: kilo imodzi imatulutsa malita 8 kapena 10, ndiye makapu pafupifupi 30.

Nyemba sindinazikhudze. Bambo wina anaona thumba lake nati, "Amayi, nyembazo bwanji?" Ndinamuuza kuti nyemba zosaviika zimadya moto wa maola awiri kapena atatu, ndipo moto ndiwo unali wosowa kuposa ufa. Ndinaziviika m'ndowa kuti zidzaphikidwe mawa lake.

Makala anali atatsala theka la thumba, ndipo mphepo inali itakankhira mvula pansi pa chitseko mpaka apansi kunyowa. Nkhuni zinali panja, zili chonyowa. Ndinapempha anyamata atatu a m'basi kuti atenge nkhwangwa ya alonda awaze zipika zikuluzikulu, chifukwa chipika chimanyowa kunja kokha, mtima wake umakhala wouma. Anawaza timitengo tating'ono ta m'kati, ndipo tinayatsira pa makala ouma a pamwamba pa thumba. Moto utagwira tinazungulitsa nkhuni zonyowa m'mbali mwa mafuwa kuti ziziuma zikudikira nthawi yake. Kuseri kwa sitolo kunali bedi lamatabwa lothyoka limene bwana ankati adzakonzetsa. Nalonso linawazidwa, ndipo ndinalilemba m'kope. Mnyamata wina anabweretsa zigubu za pulasitiki kuti moto uyake msanga, ndinamuletsa, chifukwa utsi wake umalowa m'chakudya ndipo umapweteka chifuwa. Tinakonza mafuwa awiri pansi m'khitchini, kuonjezera pa mbaula ziwiri zamakala.

Nkhani ya madzi ndiyo inandiopsa kwambiri. Mjigo umene timatungako unali utazunguliridwa ndi madzi ofiira, ndipo zimbudzi za m'derali zinali zitasefukira. Madzi otero angaoneke bwino m'kapu koma muli matenda. Chimene chinatipulumutsa ndi mvula yomweyo imene inatitsekera njira. Malata anali atatsukika tsiku lonse, choncho tinatsuka mgolo wa malita 200 n'kuutchera pamene madzi amagwera kuchokera padenga. Sunatenge nthawi kudzaza. Ophikira sindinade nawo nkhawa, popeza amawira. Akumwa ndinawathira Wotagadi, kachitsekero kamodzi m'ndowa ya malita 20, kuvundula, n'kudikira mphindi 30. Anthu anali ndi ludzu ndipo ena anang'ung'udza, koma m'basimo munali mtsikana wina, mlangizi wa zaumoyo wobwerera kuntchito kwake, amene anaima pandowapo n'kumauza aliyense kuti adikire. Iyeyo ndiyenso anaika kapu imodzi yotungira, kuti anthu asamaviike makapu awo omwera m'ndowa. Miyezi iwiri isanathe, mu Malichi, kolera inabuka m'dziko muno, ndipo Nsanje inali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa. Ndikakumbukira mphindi 30 zija ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mtsikana ameneyo.

Choyamba kutsika pamoto chinali phala ndi tiyi. Mwana wanjala sadikira nsima, amagona, ndipo akagona ndi zovala zonyowa m'mimba mulibe kanthu, kumudzutsa kuti adye ndi nkhondo. Ndinathira mchere pang'ono, shuga, ndi masipuni angapo a mafuta kuti phalalo likhale ndi mphamvu. Makapu athu anali 20 okha, ndiye ankamwa mosinthana, ife tikutsuka ndi madzi otentha. Agogo aakazi ena anandikokera pambali n'kunong'ona kuti ali ndi matenda a shuga, anamwa mankhwala masana poganiza kuti akadya akafika, ndipo tsopano akumva kunjenjemera ndi thukuta. Mlangizi uja anati amenewo ndi shuga wotsika, osati wokwera, ndipo tinawapatsa tiyi wa shuga nthawi yomweyo, kenako phala. Pasanapite nthawi anayamba kulankhula bwino. Anabweranso abambo awiri ndi mayi mmodzi, aliyense payekha, kudzapempha madzi ndi kaphala kuseri kwa khitchini kuti amwe mankhwala awo a tsiku ndi tsiku. Sindinafunse kuti ndi a chiyani. Ndinawapatsa n'kutembenukira kumoto.

Ndiwo zinali zochepa kwambiri. Makilo 2 a nyama kwa anthu 61 ndi fungo chabe. Ndinainunkhiza, ndinaikhudza, inali idakali yozizira ndipo sinali yoterera, koma firiji itazima sikanafika mawa. Ndinaidula tinthuli tating'onoting'ono n'kuiphika ndi madzi ambiri kuti msuzi ndiwo ukhale ndiwo. Usipa ndinauviika m'madzi ofunda, kuutsuka mchenga, n'kuukazinga mumphika wake. Ndili pakati potero kunabwera mayi wina wonenepa, chitenje atamanga m'chiuno, n'kuyang'ana m'miphika.

"Asisi, izi sizikwana," anatero.

"Ndikudziwa, mayi. Ndi zomwe zilipo."

"M'basimo ndili ndi kabichi, tomato ndi anyezi. Ndinapikula ku Blantyre, ndimakagulitsa ku Nchalo. Tumani anyamata akatsitse."

Ndinamufunsa kuti mpamba wake nanga bwanji. Anati tomato sangadikire msewu, aola basi, ndipo kabichi tilembe m'kope, zidzaoneka. Tinatenga makabichi akuluakulu 6, poti limodzi lalikulu limakwana anthu 8 kapena 10 likaphikidwa ndi tomato, ndi beseni la tomato wosweka kale. Mayi ameneyu sanabwererenso kukakhala pansi. Anaitana amayi anzake anayi, anasamba m'manja ndi sopo, anayamba kudula. Bambo wina wachikulire wa Chisilamu anafika pakhomo mwaulemu n'kufunsa kuti mbuziyo anazinga ndani. Ndinamuuza zoona, kuti nyamayo anagula ndi bwana ndipo ine sindinalipo. Ndinamuonetsa mphika wa usipa ndi wa kabichi, yonse ili ndi zipande zake, osakhudzana ndi wa nyama. Anathokoza, ndipo iye ndi banja lake anadya usipa.

Nsima ya makilo 10 sindinaiphike mumphika umodzi. M'poto wathu wamkulu, amene timabwereketsa pamaukwati, makilo onsewo akanatha kulowa, koma nsima yochuluka chotero pamoto wa nkhuni zonyowa imapserera pansi pamwamba pali pawisi, ndipo palibe dzanja limene lingaithyakule mpaka pansi. Ndinagawa pawiri, makilo 5 pa mphika uliwonse, madzi pafupifupi malita 14. Madzi atatentha koma asanawire, ndinathira mbale zitatu za ufa pang'onopang'ono ndikuvundula, chifukwa ukathira ufa m'madzi owira kale umapanga mibulu imene m'kati mwake mumakhala ufa wouma. Ndinavundikira kuti phala libwate. Apa ndi pamene ophika mothamanga amalakwitsa. Mgaiwa uli ndi madeya, umafuna kubwata nthawi yaitali kuposa ufa woyera, mphindi 20 kapena kupitirira pamoto wofooka ngati umene tinali nawo. Nsima imapsa paphala, osati pothyakula. Ukafulumira kuthira ufa, nsimayo imanunkha uwisi, imamata m'manja, ndipo usiku anthu amadzuka ndi m'mimba. Ndi zimbudzi ziwiri zokha, pabwalo pali madzi, anthu 61 atatsegula m'mimba likanakhala tsoka lina.

Anthu ankasuzumira pakhomo kufunsa ngati yapsa. Ndinkangoti, "Pang'ono, achimwene." Phala litakhuthala, fungo la uwisi litachoka, ndinapungulako lina m'beseni kuti mumphika mukhale malo. Ndiye ndinayamba kuthira ufa wotsalawo mbale imodzi imodzi, mayi wa kabichi uja atagwira mphika ndi nsanza, ine ndikuthyakula ndi mthiko waukulu kuchokera m'mbali kupita pakati. Manja atatopa ndinapatsa kondakitala, amene anati kwawo amaphika pamaliro. Anali ndi mphamvu koma ankangozungulira pamwamba, ndinamuonetsa kuti mthiko uzifika pansi. Italimba tinabwezera phala lija kuti ifewe mofanana, tinathyakulanso, tinachepetsa moto, tinavundikira mphindi zochepa mpaka kuyamba kupuma. Ndinatsina kachidutswa ndi chala chonyowa, sikanamate.

Kuomola ndinaomola ndekha, ndipo sindinalole wina kugwira chipande. Panjala, woomola wachifundo amadzazira oyamba, omaliza n'kupeza nkhoko. Ndinkaviika chipande m'madzi, mtanda uliwonse wofanana ndi unzake, iwiri iwiri. Mbale zathu zinali 24, choncho anthu anadya m'magulu a anayi kapena asanu pa mbale yaikulu ndi pa zivundikiro za miphika, mabanja pamodzi, amayi paokha, abambo paokha. Kusamba m'manja tinathirirana ndi jagi, sopo ali pompo, osati onse kuviika m'beseni limodzi monga timachitira kumudzi. Anayamba okalamba ndi amayi oyamwitsa, ndipo mphika wachiwiri unali wa abambo ndi anyamata. Ana okulirapo, amene phala silinawakwane, anatsina kwa amayi awo. M'busa wina amene anali m'basimo anapemphera, mawu ake akumizidwa ndi mvula pamalata. Nthawi inali itapitirira 11 koloko.

Zipinda 8 zija tinazipereka kwa amayi a ana ndi okalamba, anayi kapena asanu m'chipinda. Abambo anagona pamipando ya m'basi ndi pansi m'chipinda chodyera. Ine ndinakhala pampando m'khitchini ndi nkhoko ndi tiyi, ndipo apo ndi pamene maganizo a ana anga anandipeza. Nthawi yonse ndikuphika ndinalibe mpata wolira. Tsopano ndinkangoona khoma la nyumba ya mayi anga likumwa madzi. Mayi wa kabichi uja anandipeza ndikulira, ndinamuuza, ndipo anagwada nane pambali pa mafuwa n'kupemphera m'Chisena.

Titamaliza ndinaimirira kuti ndizimitse moto, ndipo ndinaona kuti mbaula imodzi palibe. Ndinafunsa alonda, anati mayi wina wapempha kuti akaumitse zovala za mwana m'chipinda. Thupi lonse linandizizira. Makala, makamaka onyowa amene sanayake bwino, amatulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo m'chipinda chotseka umapha anthu ali m'tulo. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kenako tulo tokoma timene sadzukanso. Ndinathamanga khomo ndi khomo ndikugogoda. Chipinda chachisanu sanayankhe msanga. Alonda anakankha chitseko, ndipo tinapeza zenera lili chotseka, pansi pa chitseko atatsekapo ndi chitenje kuopa mphepo, mbaula ili pakona. Munali amayi awiri ndi ana atatu. Mayi mmodzi anayesa kudzuka n'kugwa. Mwana wa zaka ngati zinayi anali wolefuka, mutu uli lende, atasanza phala lija.

Ndinakuwa. Anyamata anatulutsa mbaula, tinatsegula zenera, ndipo tinanyamulira onse pakhonde pamene mphepo inkaomba. Mlangizi wa zaumoyo anafika, anamugoneka mwanayo chammbali kuti masanzi asamutsamwe, anamasula zovala, n'kumamuyang'ana kupuma. Wina anabweretsa mkaka kuti timumwetse, iye anakana, anati munthu wosatsitsimuka samwetsedwa kanthu, chofunika ndi mpweya wabwino, ndipo kukanakhala kotheka akanapita naye kuchipatala akamuike pa okosijeni. Koma chipatala cha boma cha Chikwawa chili kutsidya kwa Shire, ndipo pakati pa ife ndi mlatho panali madzi. Kunalibe kothawira. Mayi wake ankangoti, "Mwana wanga, mwana wanga." M'busa anayamba kupemphera, bambo wa Chisilamu uja naye anali chapafupi akupemphera mwakachetechete, ndipo ine ndinagwira phazi la mwanayo ndikuuza Mulungu kuti sindinamudyetse kuti adzafere pakhonde panga. Sindikudziwa kuti inatenga nthawi yaitali bwanji. Mwanayo anakhosomola, anatsegula maso, kenako analira mokweza. Pakhonde ponse anthu anayamba kulira ndi kuthokoza. Mlangizi anakhala nawo panja mpaka mbandakucha, ndipo anauza mayiyo kuti njira ikangopezeka apite nawo ana onse kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, chifukwa mpweya umenewo umatha kusiya vuto lobisika.

Kutacha ndinatsegula sitolo n'kutulutsa makilo 3 aja. Anatuluka phala lodzaza mphika waukulu, aliyense kapu yake, ana ndi oyamwitsa kubwereza. Shuga anali atatsala pang'ono, choncho ndinathira mumphika momwemo m'malo mopereka aliyense. Nyemba zoviika zija zinalowa pamoto, zinapsa mu ola limodzi ndi theka, ndipo masana anthu anadya nyemba ndi kabichi wotsala popanda nsima. Uthenga unafika wakuti msewu waduka ndithu m'malo angapo m'boma la Chikwawa, ndipo sudzadutsika posachedwa. Adalaivala anatuma kondakitala kukaona phiri, ndipo masana basi inatembenuka kubwerera ku Blantyre ndi ambiri a iwo, mayi wa mwana uja ali pampando wakutsogolo kuti akatsikire kuchipatala. Ochepa anatsala kudikira mabwato.

Asananyamuke, adalaivala anavula chipewa chawo n'kuchizungulitsa. Zimene zinasonkhedwa sizinafike ngakhale theka la mtengo wa zimene zinadyedwa, osawerengera zipinda. Ambiri ndalama zawo zinali m'foni, ndipo netiweki kunalibe. Ena analibe n'komwe. Ndinalemba nambala ya foni ya resitihausi patimapepala n'kupereka kwa aliyense wofuna, ndipo pa ndalama zija ndinapatulapo za makabichi 6 n'kumupatsa mwini wake. Anakana, ndinamukakamiza, analandira za atatu.

Mmodzi mwa anyamata owaza nkhuni aja kwawo kunali njira ya ku East Bank komweko, ndipo anaganiza zoyenda wapansi. Ndinamuuza dzina la mudzi wathu ndi la mayi anga. Lachitatu, tsiku limene boma linalengeza kuti kwagwa ngozi yaikulu, munthu wa njinga anaima pakhomo ndi kapepala. Nyumba inagwa usiku wa Lolemba womwewo, koma mayi anga anali ataona madzi akulowa pabwalo n'kutuluka ndi ana kusanade. Anali pasukulu ya pulaimale pamodzi ndi mudzi wonse. Mnyamatayo anawapeza, ndipo analemba kuti usiku umenewo mayi wina wokhala pafupi ndi sukulu, amene sitimudziwa, anaphikira phala ana onse amene anathawira kumeneko. Ndinakhala pansi pomwepo pakhomo, miyendo itandithera. Ola limene ine ndinkavundula phala la ana a eni, Mulungu anali ataimika wina pamoto chifukwa cha anga.

Bwana anafika kumapeto kwa sabata. Anatsegula sitolo, anapeza mchere ndi masamba a tiyi. Sanakuwe, koma nkhope yawo inandiuza zonse. Ndinawapatsa kope ndi ndalama zotsala, alonda ali pambali panga.

"Mayi, munandifunsa?"

"Foni sinkagwira, bwana."

Anawerenga tsamba lonse, mpaka pabedi lothyoka. Anati iwonso malonda aima, msewu waduka, firiji siigwira, ndipo chopereweracho adzadula pamalipiro anga miyezi iwiri. Sindinatsutse, katunduyo anali wawo. Koma ndinatuluka ndikudziwa kuti ndili ndi nyumba yakugwa, ana ali pamsasa, ndipo malipiro achepa. Usiku umenewo ndinalira kuposa usiku wa mvula.

Netiweki itakhazikika, foni ya resitihausi inayamba kulira. Ndalama zinkalowa pang'onopang'ono kuchokera ku manambala osadziwika, ena K1,000, ena K2,000, wina K500 yokha. Bambo wa mwana wa mbaula uja anaimba kuchokera ku Blantyre kunena kuti madokotala amuona mwanayo ndipo ali bwino, n'kutumiza ndalama zoposa za wina aliyense. Bwana ankalemba chilichonse pansi pa mndandanda wanga m'kope lomwe lija. Mwezi usanathe anandiitana n'kundionetsa kuti ngongole yatsekeka ndipo patsala zina pamwamba. Anandipatsa zotsalazo, ndipo malipiro anga sanadulidwe. Msewu utayamba kudutsika, basi ija inaima pabwalo m'mawa wina, kondakitala anatsitsa thumba la ufa la makilo 25, nati ndi la amayi a kukhitchini, osati la sitolo. Limenelo linapita kumsasa kwa ana anga. Mvula itatha, anthu a kumpingo kwathu anandithandiza kuumba ndi kuotcha njerwa, ndipo tinamanga pamalo okwera amene amfumu anatipatsa.

Bwana anasintha lamulo la sitolo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mumakhala thumba la ufa la makilo 50 losakhudzidwa, makala thumba limodzi atalikweza pamatabwa, mabotolo awiri a Wotagadi, ndi makapu ena 40, ndipo ndili ndi chilolezo chotsegula popanda kufunsa, bola ndilembe. Mbaula zonse ndimaziwerenga ndisanagone, ndipo palibe imene imalowa m'chipinda cha mlendo. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, apaulendo anatsekeredwanso pano, ndipo nthawi imeneyo aliyense anadya mitanda itatu, ana anga ali m'nyumba ya njerwa zootcha pamodzi ndi agogo awo.